Moni adikire kaye: masekondi atatu oyamba a kanema wa Mawu a Mulungu

Amene anandiuza zoona ndi mchemwali wanga wamng'ono, yemwe ali fomu 4. Tinali pakhonde madzulo, ine ndikudandaula kuti tikanema ta Mawu a Mulungu tomwe timajambula ndi achinyamata anzanga a ku tchalitchi sitikuyenda. Iye osachotsa n'komwe maso pafoni anangoti, "Achimwene, musakhumudwe, koma inenso ndimadumpha. Mukangoti moni nonse, ndimadziwiratu kuti nkhani ikadali kutali."

Zinandiwawa, koma paja wakutsina khutu ndi mnansi. Usiku womwewo ndinatenga kanema wathu womaliza n'kumuonera ndi wotchi m'manja. Ankayamba chonchi: "Moni nonse achinyamata anzanga okondedwa mwa Ambuye, ndakulandirani ku mawu a lero. Lero tiwerenga kuchokera m'buku loyamba la Mafumu mutu 19." Mawu aulemu, opanda cholakwa chilichonse. Koma anadya masekondi 11 mwa masekondi 30, ndipo pofika pamenepo ndinali ndisananene kanthu kokhudza moyo wa munthu woonerayo. Uthenga weniweni unali wabwino ndithu, kungoti unkafika anthu atapita kale.

Lero ndikufuna ndikuonetseni mmene ndinakonzera chiganizo choyamba cha kanema yemweyo. Ndinalemba kasanu ndisanapeze choyenera, ndipo kulephera kulikonse kunandiphunzitsa kanthu kena.

Malo ndi ochepa kuposa mmene timaganizira

Tiyambe ndi masamu, chifukwa ambirife timalemba ngati tili ndi mphindi zisanu. Kwa zaka zambiri sitetasi ya WhatsApp inkadula kanema pa masekondi 30, ndipo ngakhale pano malire anawonjezedwa, utali umenewu unazolowereka. Funso n'lakuti, mu masekondi 30 mumalowa mawu angati a Chichewa?

Musawerenge mawu, werengani maphatikizo, aja tinkawomba nawo m'manja ku pulaimale. Chifukwa chake n'chakuti mawu a Chichewa ndi ataliatali. "Ndakulandirani" ndi liwu limodzi papepala, koma pakamwa ndi maphatikizo 6. Nditadziyesa ndi wotchi ndinapeza kuti ndikamayankhula modekha, momveka, ndimatchula maphatikizo pafupifupi asanu pa sekondi. Ndiye kuti kanema yense amanyamula maphatikizo osapitirira 150, omwe ndi mawu pafupifupi 45 kapena 50 basi. Masekondi atatu oyamba amanyamula maphatikizo 15 kapena 16, kutanthauza mawu asanu kapena 6.

Inunso dziyeseni nokha, chifukwa liwiro la pakamwa limasiyana. Werengani ndime mokweza kwa masekondi 10, muwerenge maphatikizo omwe mwatchula, mugawe ndi 10. Koma musadzinamize pothamanga. Munthu wothamangitsa mawu kuti akwane amamveka ngati wotsatsa mankhwala pa depoti, ndipo uthenga wotonthoza sulowa mumtima ukamabwera mothamanga.

Nanga bwanji masekondi atatu, osati asanu? Palibe lamulo lochokera kumwamba, koma ngakhale Facebook, powerengera anthu omwe aonera kanema, ili ndi muyeso wa omwe afika masekondi atatu. Ndipo mukadziyang'anitsitsa nokha mukamaseweretsa foni, muona kuti chala chimakhala chili kale pa sikirini, chikungodikira chifukwa chosunthira. Woonera ndi mlendo, ndipo paja mlendo ndi mame.

Dziwani kaye kumene mukupita

Cholakwa changa choyamba chinali kufuna kuyamba ndi chiganizo choyamba. Zikumveka zachilendo, koma chiganizo chotsegulira chimalembedwa pomaliza. Ntchito yake ndi kulonjeza, ndipo simungalonjeze chinthu chomwe simunachione.

Ndiye ndinabwerera ku 1 Mafumu 19 n'kuwerenga mutu wonse, pamodzi ndi mutu 18. Nkhani yake ili chonchi. Eliya wangopambana kumene pa phiri la Karimeli, pomwe anayima yekha pamaso pa aneneri a Baala 450. Kenako Yezebeli akumutumizira uthenga womuopseza kuti amupha. Eliya akuthawa mpaka ku Beereseba, akusiya mnyamata wake kumeneko, akuyenda yekha ulendo wa tsiku limodzi m'chipululu. Akukhala pansi pa kamtengo, akuuza Mulungu kuti zamukwana, mpaka kupempha kuti afe, kenako akugona. Mngelo akumudzutsa kuti adye chakudya chophikidwa pamakala ndi kumwa madzi. Iye akudya n'kugonanso. Mngelo akubweranso kachiwiri, ndipo ndi mphamvu ya chakudya chimenecho Eliya akuyenda masiku 40 mpaka ku Horebu.

M'mutu umodziwu muli maulaliki ambiri. Muli mphepo, chivomezi ndi moto za pa Horebu, muli anthu 7,000 omwe sanagwadire Baala, mulinso kuitanidwa kwa Elisa. Kanema wa masekondi 30 sanganyamule zonsezi. Ndinadzikakamiza kulemba chiganizo chimodzi chonena zomwe ndikufuna munthu atsale nazo, ndipo chinali ichi: kutopa kwako si umboni wakuti Mulungu wakusiya. Zina zonse, ngakhale zokoma bwanji, ndinazisungira tsiku lina.

Kenako ndinasankha munthu mmodzi woti ndiyankhule naye. Osati "achinyamata a masiku ano", chifukwa ameneyo si munthu. Ndinaganiza za mnzanga wina yemwe anamaliza koleji zaka ziwiri zapitazo, makalata ofunsira ntchito waponya osawerengeka, amaimba kwaya Lamulungu lililonse akumwetulira, koma usiku tulo sabwera. Ndinamuona m'maganizo ali pabedi cha m'ma 11 koloko, bandulo ya usiku ili m'foni, mawu atatsitsa kuti asadzutse ena. Ndiye ndinadzifunsa kuti, ndi mawu ati asanu omwe angaimitse chala cha ameneyu?

Kuyesa koyamba: funso la aliyense

Ndinalemba kuti, "Kodi watopa ndi moyo?" Ndi lalifupi, maphatikizo 8 okha, ndipo likuloza komwe nkhani ikupita. Ndinakondwa nalo kwa mphindi zingapo.

Vuto lake n'lakuti funso limeneli lingakhale pa kanema aliyense. Wogulitsa mankhwala a zitsamba angayambe nalo, wophunzitsa bizinesi angayambe nalo, mlaliki wa vesi ina iliyonse angayambe nalo. Khutu likamva chinthu chomwe lamvapo kambirimbiri, limauza chala kuti tiye. Apa ndinapeza muyeso woyamba womwe ndimaugwiritsabe ntchito: chotsani chiganizo chanu choyamba, muchiike pa kanema wina wa nkhani yosiyana. Chikakwana bwinobwino, ndiye kuti sichinali cha kanema wanu.

Kuyesa kwachiwiri: mmodzi watsala

Nditaona kuti funso lija n'lozizira, ndinagwera mbali inayo. Ndinalemba zomwe tonse taziona pafoni: "Usadumphe kanemayu, dalitso lako lili kumapeto."

Ndivomereze, mawu otere amaimitsadi anthu ena. Amagwira ntchito ngati oitanira minibasi aja pa siteji. "Limbe, Limbe, mmodzi watsala!" Mumathamanga n'kukwera, kenako mukupeza kuti theka la omwe akhala m'katimo si apaulendo, ndipo mukhala pomwepo mpaka thukuta. Tsiku limenelo woitanira wapambana. Koma mawa mukamuona, mumadutsa osayang'anako.

Pa kanema wa Mawu a Mulungu kuwonongeka kwake n'kokulirapo. Choyamba, ndi bodza, chifukwa kumapeto kwa kanema wanga kulibe dalitso lomwe ndingapereke, kuli chiganizo chonena za kutopa. Chachiwiri, mawuwa amagwira ntchito poopseza. Munthu wofooka kale m'chikhulupiriro amaonera chifukwa choopa kuti akadumpha, Mulungu amulanga kapena amumana kanthu. Ndiye mwamuphunzitsa za Mulungu wowerengera masekondi, pomwe nkhani ya Eliya ikunena za Mulungu wodyetsa munthu wotopa. Mbedza yatsutsana ndi uthenga. Ndi chikomekome cha mkuyu chija, m'kati muli nyerere.

Muyeso wachiwiri ndi umenewu: zomwe chiganizo choyamba chalonjeza, kanema azipereke asanathe. Ngati simungaloze sekondi yomwe lonjezo lakwaniritsidwa, fufutani.

Kuyesa kwachitatu: zoona, koma zolemera

Kachitatu ndinati nditenge mfundo yodzidzimutsa kuchokera m'nkhani yeniyeniyo. Ndinalemba kuti, "Mneneri wa Mulungu anapempha kuti afe." Ichi n'choona, chili m'ndimemo, ndi cha nkhani imeneyi yokha, ndipo chikukwana m'masekondi atatu. Pa miyeso iwiri ija chapambana. Ndikanajambula tsiku lomwelo.

Chinandiletsa ndi kukumbukira mnzanga uja wa pabedi. Ngakhale chiganizo chikhale champhamvu bwanji, ena adzadumphabe. Netiweki idzadula, wina adzaitanidwa kukhitchini, kondakitala adzafunsa ndalama. Anthu amenewa adzangomva masekondi atatu okhawo. Ndiye tangoganizani munthu yemwe ali kale m'maganizo olemera, usiku, yekha, wamva kuti ngakhale mneneri anafuna kufa, kenako kanema waima. Sanamve za mngelo, sanamve za chakudya. Watenga theka loopsa la nkhani n'kusiya theka lochiritsa.

Sindikunena kuti nkhani za imfa ndi kutaya mtima tisamazikambe. Tiyenera kuzikamba, koma pamalo pomwe pali nthawi yokhala ndi munthu mpaka nkhani ithe. Kuika mawu otere pakhomo pa kanema kuti akope anthu ndi kusewera ndi bala la wina. Muyeso wachitatu, womwe kwa ine ndi waukulu kuposa yonse, ndi uwu: munthu akangomva chiganizo choyamba chokha n'kuchoka, wanyamula chiyani? Chikhale chinthu chomwe simungachite nacho manyazi, komanso chosamuvulaza.

Kuyesa kwachinayi: kukoma koma kosemphana ndi ndime

Apa ndinabwerera ku funso, koma lolunjika pa chinthu chomwe achinyamata opemphera amabisa. Ndinalemba kuti, "Watopa mpaka pemphero silikutuluka?" Maphatikizo 15 ndendende. Nditawerengera anzanga awiri, onse anangoti phee, kenako mmodzi anati, "Aise, ameneyo ndi ine." Ndinadziwa kuti ndakhudza penipeni.

Koma polemba chiganizo chachiwiri ndinakakamira. Ndinkafuna kunena kuti Eliya naye anafika pomwepo, ndipo sizoona. Eliya pansi pa kamtengo paja anapemphera. Pemphero lake linali lowawa, lopanda ulemu wa pa guwa, koma linatuluka. Ndikanapitiriza, ndikanapotoza ndime kuti igwirizane ndi mbedza yanga. Mwina ambiri sakanazindikira, koma mmodzi wotsegula Baibulo lake akanapeza kuti ndamuuza zomwe mulibe, ndipo kuyambira pamenepo akanakayikira zonse zomwe ndinganene.

Ichi n'chiyeso chomwe chimagwira olemba aluso kuposa aulesi. Ukapeza chiganizo chokoma, mtima umafuna kuti vesi igonjere chiganizocho. Njira yake ndi imodzi: chiganizo chigonjere vesi. Funso lija sindinalitaye, ndinalisunga m'kope. Likudikira ndime ina yomwe ikunenadi za munthu wosowa mawu popemphera, monga Aroma 8.

Kuyesa kwachisanu

Kulakwitsa kwachinayi kuja ndi komwe kunandionetsa njira. Ngati Eliya anapemphera pemphero lomwe ambirife timaopa kuvomera kuti tinapempherapo, ndiye funso likhale la pemphero limenelo. Kanema yense anatuluka chonchi:

"Unamuuzapo Mulungu kuti basi, ndatopa? Eliya anatero, atangopambana pa Karimeli. Anathawira kuchipululu n'kugona pansi pa kamtengo. Mngelo atabwera sanamukalipire. Anamudzutsa kuti adye, iye n'kugonanso. Kutopa kwako si umboni wakuti Mulungu wakusiya. Lero idya, ugone, uuzeko munthu mmodzi mmene ukumvera. Nkhani yonse ili pa 1 Mafumu 19."

Mawu onse ndi 46, ndipo pakamwa panga amatenga masekondi 29. Chiganizo choyamba chili ndi mawu asanu, maphatikizo 16.

Tiyeni tichiyese pa miyeso ija. Kodi chingakwane pa kanema wina aliyense? Ayi, wogulitsa zitsamba sangayambe nacho, ndipo chikufuna nkhani ya munthu yemwe ananenadi zotere kwa Mulungu. Kodi lonjezo lake likukwaniritsidwa? Funsoli likusiya nkhawa yakuti, nanga munthu akanena zimenezi Mulungu amatani, ndipo yankho likubwera cha pakati, pomwe mngelo akufika osakalipa. Nanga wochoka pa sekondi yachitatu wanyamula chiyani? Wanyamula ganizo lakuti si iye yekha amene ananenapo mawu otere. Chimenecho sichimuvulaza. Ndipo chikugwirizana ndi ndime, popeza Eliya anauzadi Mulungu kuti zamukwana.

Onaninso kaphatikizo kakang'ono ka "po" mu "unamuuzapo". Ndikanati "ukumuuza Mulungu kuti watopa", ndikanakhala ngati ndikumuloza chala munthuyo lero lino. "Unamuuzapo" akumupatsa mpata wovomera mumtima popanda kuchita manyazi, ngati kuti ndi zakale, ngakhale zili za usiku womwewo. Liwu lakuti "basi" nalo ndinalisankha dala. Ndi la pakamwa, la kunyumba, lomwe munthu amanena akataya thumba pansi. Ndikanalemba kuti "ndalema nawo moyo uno", zikanamveka ngati za m'sewero la pa wailesi.

Mwaonanso kuti vesi ndaitchula kumapeto. Kale ndinkaganiza kuti kuyamba ndi buku, mutu ndi ndime ndiye kulemekeza Malemba. Koma nambala ya vesi ndi adiresi, ndipo munthu amafuna adiresi akamva kaye kuti kumeneko kuli chiyani. Ikabwera kumapeto, imakhala ngati kumuuza kuti pita ukadzionere wekha ngati ndanama.

Chiganizo chachiwiri chisabwerere m'mbuyo

Pali msampha wina womwe ndinaugweramo pojambula koyamba. Nditanena funso lija bwinobwino, pakamwa panangotuluka zozolowera: "Moni anzanga, dzina langa ndine uje." Ndiye kuti ndatsegula chitseko n'kumuimikanso mlendo pakhonde. Chiganizo chachiwiri chiyenera kupitiriza pomwe choyamba chasiyira, ndipo chiwonjezere kanthu katsopano. "Eliya anatero" akuyankha funso nthawi yomweyo. "Atangopambana pa Karimeli" akuwonjezera chodabwitsa, chakuti kutopa kunabwera pambuyo pa chipambano osati pambuyo pa tchimo. Wachinyamata yemwe amatumikira mokhulupirika koma watheratu amadzimva pamenepo.

Diso limamva khutu lisanamve

Ambiri mwa anthu omwe ndimawadziwa amaonera tikanema mawu atatseka, kaya ali m'minibasi, kaya pa mzere ku banki, kaya m'chipinda chogona anthu atatu. Kwa amenewa, chiganizo chanu chokomacho kulibe pokhapokha chitalembedwa pa sikirini. Choncho ndimachilemba kuti chioneke kuyambira pa chithunzi choyambirira, osati chizituluka liwu limodzilimodzi. Pa kanemayu ndinalemba mawu omwewo asanu, m'mizere iwiri, zilembo zoyera zokhala ndi mkombero wakuda kuti ziwerengeke ngakhale padzuwa. Ndimaziika cha pakati chakumtunda, chifukwa pa TikTok kumunsi kumakhala dzina ndi mawu ofotokozera, ndipo kudzanja lamanja kumakhala mabatani.

Chinanso ndi kudula. Mukadina batani lojambulira pamakhala kanthawi komwe mukubweza dzanja, kukonza kolala, kupuma mpweya. Kanthawi kameneko kamatha kukwana sekondi yathunthu, gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chanu chonse. Mu CapCut kapena pulogalamu iliyonse yomwe muli nayo, dulani mpaka pomwe milomo ikuyamba kutseguka. Chizindikiro cha gulu lanu, kanyimbo kotsegulira, chithunzi cha dzuwa likutuluka, zonsezo zipite kumapeto kapena zichoke.

Nkhope nayo igwirizane ndi mawu. Kujambula koyamba ndinafunsa funso lija ndikumwetulira ngati wolandira alendo pa ukwati, ndipo linamveka ngati nthabwala. Ndinabwereza nditakhala pansi, foni ili pafupi, maso pa kamera, mawu otsika ngati ndikufunsa mnzanga pa benchi. Mawu ake omwewo, koma kanema wina.

Nanga ulemu?

Kanemayu atatuluka, bambo wina wamkulu wa mumpingo mwathu anandiitana titaweruka. "Mwana wanga," anatero, "uthenga uja ndaumva, ndi wabwino. Koma moni wapita kuti? Ndiponso anthu ukuwatchula kuti iwe?"

Funso lawo silinali lachabe. Kwathu kuno munthu sulowa m'nyumba osaodira, ndipo nkhani siyamba anthu asanafunsane za moyo. Ndinawayankha kuti, "Bambo, mukunena zoona. Kungoti pafoni sindili m'nyumba mwawo, ndili pamsewu, iwo akudutsa. Munthu akamadutsa mothamanga atagwetsa chikwama, timayamba ndi kumuuza za chikwamacho, moni amabwera akaima." Anaseka, koma sanagonje kwathunthu, ndipo tinagwirizana pakati. Moni ndimamulemba m'mawu ofotokozera a pansi pa kanema, ndipo aliyense wondilembera ndimamuyankha ndi moni wathunthu.

Za "iwe" ndi "inu" ndinaziganizira kwambiri. Kanema wopita kwa achinyamata anzanga, wonena zakukhosi, "iwe" amamufikitsa pafupi. "Munamuuzapo" akumveka ngati ndikufunsa gulu lonse pa guwa, ndipo pagulu aliyense amayang'ana mnzake. Koma kanema yemweyo akanakhala wopita ku gulu la mpingo wonse, momwe muli amayi ndi abambo, ndikanati "inu" mosakayika. Chachikulu ndi kusankha chimodzi n'kukhala nacho mpaka kumapeto. Kuyamba ndi "iwe" n'kumaliza ndi "inu" kumaonetsa kuti wolembayo sakudziwa yemwe akuyankhula naye.

Mudziwa bwanji kuti chagwira?

Sitetasi ya WhatsApp imanyenga. Imakuonetsani mayina a omwe atsegula, koma sikuuzani kuti anakhalapo nthawi yaitali bwanji. Wodumpha pa sekondi yoyamba ndi woonera mpaka kumapeto amaoneka chimodzimodzi pa mndandanda. N'chifukwa chake kwa miyezi ndinkadzitonthoza ndi mayina ambirimbiri, osadziwa kuti ngakhale mchemwali wanga ankangodutsa.

Pa TikTok, mu gawo la ziwerengero za kanema aliyense, mumaona nthawi yomwe anthu amaonera mwa avereji komanso gawo la omwe anafika kumapeto, ndipo pamakhala mzere woonetsa pomwe anthu akuchokera. Mzere umenewu ndi mphunzitsi wabwino. Ukagwa ngati phompho m'masekondi awiri kapena atatu oyamba, vuto ndi chiganizo choyamba kapena chithunzi choyamba. Ukayenda bwino mpaka cha pa sekondi 5 kapena 6 kenako n'kugwa, ndiye kuti mbedza inagwira koma chiganizo chachiwiri chinawataya. Ukamatsika pang'onopang'ono mpaka kumapeto, zimenezo n'zachibadwa, musadandaule. Ingokumbukirani kuti ngati oonera ndi ochepa kwambiri, anthu awiri atatu amatha kupotoza mzere wonse, choncho musaweruze ndi kanema mmodzi.

Ngati mulibe ziwerengero zimenezi, pali njira yaulere. Patsani foni munthu wa msinkhu womwe mukufuna, makamaka wosakuopani, mawu atatseka. Pakatha masekondi atatu imitsani kanema n'kumufunsa mafunso awiri: ukuganiza kuti nkhaniyi ndi ya chiyani, ndipo ukufuna kudziwa chiyani tsopano? Akalephera loyamba, chiganizo chanu n'chosamveka. Akayankha loyamba koma lachiwiri n'kungokweza mapewa, n'chomveka koma sichikukoka. Akayankha zomwe kanema wanu sakamba, mwalonjeza zomwe mulibe.

Pomwe mbedza imathera

Ndisakunamizeni, chiganizo chabwino sichisandutsa kanema wopanda kanthu kukhala wa phindu, ndipo sichikakamiza pulogalamu kuti ionetse kanema wanu kwa anthu zikwi. Chimangogula masekondi ena ochepa kwa munthu yemwe wafika kale. Komanso masekondi 30 sangachize munthu wotaya mtima. N'chifukwa chake m'kanemamo ndinaikamo zoti auzeko munthu mmodzi. Ndinazitenga m'nkhani yomweyo, chifukwa Eliya anasiya mnyamata wake n'kupita yekha, ndipo pomaliza Mulungu anamutumiza kwa Elisa. Mukafunsa funso lolowa mumtima chonchi, khalani okonzeka kuyankha omwe angakulembereni, ndipo wina akaonetsa kuti akuganiza zodzivulaza, musathane nazo nokha pafoni. Muthandizeni kufika kwa munthu wamkulu wodalirika kapena kuchipatala.

Kanema uja nditamuika pa sitetasi, mayina anali ochuluka ngati kale, osasiyana kwenikweni. Chosiyana chinabwera cha m'ma 12 koloko usiku. Mnzanga wa kwaya uja, yemwe sindinamuuzepo kuti ndinkaganiza za iye polemba, anatumiza uthenga wa mawu atatu: "Aise, uli maso?" Tinacheza mpaka tambala woyamba.

M'mawa mwake ndinafunsa mchemwali wanga ngati anadumphanso. Anati, "Ayi achimwene, ndinaonera. Koma kolala ya malaya anu inali yopindika."